Za mankhwala otembenuza mimba aja

Chilomoni, Blantyre

Amwali,

Uthenga wanu ndinaumvera ndili m'minibasi yochokera ku Limbe, ndipo ndinachita kuubwereza nditafika kunyumba chifukwa kondakitala ankakalipirana ndi munthu za chenji. Ndasangalala kuti thupi lili bwino ndiponso kuti atsikana atatuwo akukula ku Joniko. Chimene chandisowetsa tulo ndi mawu a apongozi anu, oti mimba yanu ndi ya akazi okhaokha, komanso mankhwala akuti otembenuza mimba amene akufuna kukutumizirani pa basi. Musamwe. Pa foni ndikanangolalata, ndiye ndaona kuti ndilembe, ndikufotokozereni mmene ndimafotokozera ana anga a Fomu 4.

Thupi lathu ndi lomangidwa ndi maselo, ndipo mkati mwa selo muli timaulusi totchedwa makoromozomu. Timeneti ndi timene tasunga malangizo a mmene munthu adzakhalire. Munthu ali nato 46, tokhala tiwiritiwiri, ndiye kuti mapeya 23. Mapeya 22 amafanana kwa mwamuna ndi mkazi. Nkhani yathu ili pa peya yotsiriza. Inu ndi ine tili ndi X awiri, XX. Alamu ali ndi X mmodzi ndi Y mmodzi, XY.

Tsono dzira la mkazi silitenga makoromozomu onse 46. Limatenga theka, 23, mmodzi pa peya iliyonse. Pofika pa peya yotsiriza ija, dziralo litenga chiyani kwa munthu amene ali ndi X ndi X? Kaya litenge wa kumanja, kaya wa kumanzere, ndi X basi. Mazira onse amene munabadwa nawo ndi otero, ngakhalenso anga, ngakhalenso a apongozi anu. Mbewu ya mwamuna nayo imatenga 23, koma poti iye ali ndi X ndi Y, mbewu zake zimagawikana: pafupifupi theka zanyamula X, theka linalo Y. Pa nthawi imodzi zimatuluka mamiliyoni ambirimbiri, koma yolowa m'dzira ndi imodzi yokha. Ikakhala ya X, mwanayo ndi XX, mtsikana. Ikakhala ya Y, ndi XY, mnyamata. Zimenezi zimachitikira m'kanjira kamene dzira limadzera popita m'chiberekero, mayi asanadziwe n'komwe kuti waima.

M'kalasi ndimachita chonchi. Ndimabwera ndi timabeseni tiwiri. M'kabeseni ka mayi ndimathiramo chimanga chokhachokha. M'ka bambo ndimasakaniza chimanga ndi nyemba zofiira, kuwerenga bwinobwino kuti zikhale zofanana kuchuluka. Chimanga ndi X, nyemba ndi Y. Mwana amatsinzina, kutola njere imodzi uku, ina uku, n'kuziika patebulo. Chaka chatha mnyamata wina wamakani anatola chimanga ndi chimanga kanayi kotsatizana, anzake n'kumukuwiza kuti wabereka mbumba. Iye anakwiya, amvekere, "Madamu, kabeseni ka mayika n'kobera." Ndinamuuza kuti asakemo nyemba. Anavundula mpaka chimanga kutayikira pansi, osaipeza. Kodi munthu angapereke bwanji chinthu chimene alibe?

Koma musatenge kalatayi n'kukaloza nayo chala alamu. Kunena kuti mbewu ya bambo ndi imene imagamula sikutanthauza kuti bamboyo amasankha. Iye ali ngati mwana wotsinzina uja. Sangalamule kuti lero ipite ya Y, ndipo kubereka atsikana si chizindikiro choti mwamuna ndi wofooka, monga amanenera achinyamata pa bawo. Mimba iliyonse imayambira pomwepo, theka kwa theka. Kuti ana atatu otsatizana akhale atsikana, mwayi wake ndi theka la theka la theka, kutanthauza banja limodzi pa mabanja 8 a ana atatu. Werengani nyumba za mzere wathu uja wa ku Ndirande, muona kuti si chachilendo. Ndipo mimba yachinayi sidziwa kuti kunja kuli atsikana atatu kale, siibweza ngongole. Ikhoza kukhala ya mnyamata, ikhozanso kukhala ya mtsikana. Kunena zoona sikelo imapendekera pang'ono, pakuti padziko lonse pamabadwa anyamata pafupifupi 105 pa atsikana 100 alionse, koma pa banja limodzi kusiyana kumeneko simungakuone.

Ndikudziwa chimene chimapatsa mphamvu ogulitsa mankhwala aja. Amati m'miyezi yoyambirira mwana amakhala asanakhale mwamuna kapena mkazi, ndiye ukhoza kumutembenuza. Pali kachoonadi pang'ono pamenepo, n'chifukwa chake bodzali silifa. M'masabata asanu ndi limodzi oyambirira, kamwana ka XX ndi ka XY timaonekadi chimodzimodzi. Pa Y pali kachigawo kena ka malangizo aja, kapena kuti jini (osati majini a asing'anga ayi) yotchedwa SRY, imene akatswiri anaitulukira mu 1990. Cha m'sabata lachisanu ndi chiwiri jini imeneyi imayamba ntchito, n'kuchititsa kuti tiziwalo timene tikanakhala timatumba ta mazira tisanduke mavalo. Mavalowo amatulutsa mahomoni, timadzi toyenda m'magazi, amene amaumba ziwalo zina zonse zachimuna. Popanda Y, thupi limatsata njira yachikazi. Choncho chimene chimachedwa ndi kuonekera, koma chigamulo chinalembedwa kale tsiku lija mbewu inalowa m'dzira, ndipo chinakoperedwa m'maselo onse a mwanayo. Palibe muzu umene ungalowe m'selo iliyonse n'kufufuta X kulembapo Y. Chimene muzu ungathe ndi kuvulaza mwana kapena kuchotsa mimba, makamaka m'miyezi itatu yoyamba pamene ziwalo zikuumbika. Ndipo wogulitsayo saluza: theka la omwa mankhwala ake adzaberekabe anyamata n'kumamutamanda, enawo adzawauza kuti anaphonya chizimba.

Inde, mwa apo ndi apo pamabadwa mwana amene makoromozomu ake sanagawike mwa nthawi zonse, wina X mmodzi yekha, wina XXY, kapena amene thupi lake silimva mahomoni aja. Zimenezo ndi za achipatala, ndipo sizibwera chifukwa cha chimene mayi anadya kapena mbali imene anagonera. Mukafuna kudziwa amene mwanyamula, dikirani sikani ya pa masabata 18 mpaka 20. Nayonso nthawi zina imaphonya mwana akapinda miyendo, ndiye musathamangire kugula zovala.

Pali china chimene ndakusungirani. X amene alamu amapereka kwa mwana wamkazi anamutenga kuti? Kwa bambo awo anatengako Y, apo ayi sakanakhala mwamuna. X wawo anachokera kwa mayi awo. Ndiye kuti mwa atsikana anu atatuwo, aliyense ali ndi X mmodzi wanu ndi X mmodzi wochokera kwa apongozi anu omwe akudandaulawo. Mwana wamwamuna sakanatenga X wa agogo akewo n'komwe, akanatenga wanu yekha. Ine nditakhala inu ndikanawauza mwaulemu, nditagwada, tsiku limene akhuta bwino.

Akakuyankhani kuti nanga bwanji nkhuku ina imaswa matambala okhaokha, avomereni, chifukwa kwa mbalame zinthu n'zotembenuka: thadzi ndi limene lili ndi makoromozomu awiri osiyana, ndipo dzira lake ndi limene limagamula. Koma inu si nkhuku.

Paketi ija ikafika, musaitsegule, ndipo mukapita ku sikelo mukawauze anamwino za nkhaniyi. Ngati alamu angafune, ndiimbireni Loweruka madzulo muike foni pa sipika, chimanga ndi nyemba ndili nazo. Ufa ndi usipa ndikupatsira munthu wa basi ya mwezi wamawa. Moni kwa atsikana.

Ndine mnzanu wa kalekale.