Ndalama zanga za penshoni ndiziike m'thumba liti?

Zikomo Alangizi,

Ndine mphunzitsi wopuma pa ntchito, ndipo pa ndalama za penshoni zimene ndinalandira ndapatulapo K8,000,000 kuti ndiike m'thumba limene anthu amasonkhamo ndalama kuti zizipindula. Mlangizi wa pa kampani ina anandionetsa matumba awiri, ine n'kuloza limene linabereka zambiri chaka chatha. M'malo mondipatsa mafomu, iye ananditumizira kalata ya masamba awiri imene yandisowetsa tulo.

M'kalatamo akuti thumba loyamba limabwereketsa ndalama ku mabanki ndi ku boma kwa masiku 91, 182 kapena 364, ndipo popeza chiwongoladzanja chimadziwika pa tsiku lobwereketsa, mpamba sugwedezeka kwenikweni. Thumba limene ndinasankha ine limagula masheya pa msika wa ku Blantyre, kumene palibe amene amalonjeza kanthu. Kampani ikapanda kupindula ikhoza osagawa phindu chaka chimenecho, ndipo ikagwa, eni masheya amakhala omalizira kulandira, onse amene anaikongoza atalipidwa kale. Akuti n'chifukwa chake munthu sangagule masheya popanda chiyembekezo cha phindu loposa la ngongole za boma, ndipo phindu loonjezeralo ndi malipiro a kupirira zaka zoipa.

Chimene chinandiumitsa thupi ndi masamu amene anandiwerengera. Masheya atatsika mtengo ndi 20 peresenti, ndalama zanga zingatsale K6,400,000, ndipo kuti zibwerere pa K8,000,000 pangafunike kuti akwere ndi 25 peresenti, pakuti kukwerako kumawerengedwa pa ndalama zochepa zotsalazo. Ndinatenga choko changa chakale n'kuwerengera pa chitseko cha khitchini, ndipo ndinapeza kuti sananame. Anaonjezera kuti wopirira amatha kuona mitengo ikubwerera, koma wotapa ndalama mitengo ili pansi ndiye amalowa m'madzi zenizeni.

Komabe kalatayi sinandikhutiritse, chifukwa ndikukumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo ndalama zimene ndinkasunga ku banki, ngakhale sipanachoke tambala, zinalephera kugula malata amene ndinawafunsa mtengo mwezi umodzi m'mbuyomo. Thumba limene akulitcha lotetezekalo likabereka zochepera kukwera kwa mitengo ya zinthu, kodi sindiye kuti ndikusaukabe mwakachetechete? Mlangiziyo nkhani imeneyi anangoikhudza ndi mzere umodzi.

Mwana wanga womaliza adzafuna pafupifupi K3,000,000 ya fizi ya ku koleji zaka ziwiri zikubwerazi, pamene zotsalazo sindidzazigwira kwa zaka 7 kapena kuposerapo. Kodi n'chanzeru kuika za fizizo m'thumba loyamba, K5,000,000 yotsalayo m'thumba la masheya? Ndiponso ndimufunse chiyani mlangiziyu pa za ndalama zimene kampani yake imadula chaka ndi chaka, popeza kalata yonseyo sinazitchule?

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma, Dedza