Minibasi ikutidya koma bambo akukana kuigulitsa

Azakhali,

Ndithandizeni nzeru pa nkhani ya minibasi yathu. Bambo a kunyumba anaigula mu 2022 ndi ndalama za penshoni, K9 miliyoni, ndipo imayenda pakati pa Limbe ndi Bangwe. Kope lolembamo ndalama ndimasunga ndine, choncho zimene ndikulembazi si zam'maluwa.

Tinagwirizana ndi dalaivala kuti azibweretsa tageti ya K60,000 patsiku, mafuta ndi kondakitala aziona yekha. Vuto ndi lakuti galimotoyi imakhalitsa kugalaja kuposa pamsewu. Pamwezi imayenda masiku ngati 12, ndiye kuti timalandira K720,000. Kukonzetsa, matayala, oyilo ndi inshuwalansi zimadya pafupifupi K600,000, ndipo ngongole imene tinatenga pokonzetsa injini timabweza K250,000 pamwezi. Mwezi ndi mwezi pamaperewera K130,000, imene imachoka m'kagolosale kanga. Mashelefu ayamba kuoneka matabwa.

Tsopano makaniko akuti injini yatheratu, pakufunika ina ya K4 miliyoni. Mwamwayi pabwera munthu wofuna kuigula momwe ililimu pa K5 miliyoni. Bambo safuna n'komwe kumva. Akuti pamwamba pa K9 miliyoni ija tathiramo kale K6 miliyoni yokonzetsera zikuluzikulu, ndiye kugulitsa pa K5 miliyoni n'kutaya K10 miliyoni m'madzi. Mawu awo ndi akuti, "Tafika kale patali, tingabwererenso apa?"

Ine ndikuona kuti ndalama zimenezo zinapita basi. Tigulitse, sizibwera. Tisunge, sizibweranso. Chimene chili m'manja mwathu lero ndi kusankha pakati pa kulandira K5 miliyoni, ndi kuikana n'kukakongolanso K4 miliyoni. Ndinawafunsa kuti tikanakhala ndi K9 miliyoni lero, ndiye kuti K5 miliyoni ya wogulayo kuphatikiza K4 miliyoni ya injini, tilibe galimoto, kodi mukanagula minibasi yomweyi, yadzimbiri kunsi, giyabokosi ikulira chonchi? Anaseka n'kunena kuti wamisala yekha ndiye angaigule. Nditati nanga ifeyo si zomwezo tikufuna kuchitazi, anangotuluka.

Si munthu wopusa ayi, Azakhali. Ntchito yawo inali ya masamu a ndalama, ndipo chaka chatha ndi iwo omwe analangiza mlamu wanga kuti atseke chigayo chimene sichinkapindula. Za mwini amaona bwinobwino. Koma ikafika pa minibasi yawo, masamu amayambira ku yankho limene akufuna. Amawerengera masiku 24 pamwezi, ngati kuti inayendapo chotero, n'kupeza K1,440,000. Tsiku limene tageti yakwana amalikumbukira mpaka mwezi wamawa, koma sabata yonse imene yagona kugalaja amati ndi tsoka chabe. Chifukwa chimapezeka nthawi zonse. Poyamba anali dalaivala wakuba, tinasintha. Kenako kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kumene kunakwezadi mtengo wa zipangizo. Kenako kusowa kwa mafuta, kenako akabaza a njinga zamoto. Zonsezi n'zoona, koma zinagweranso anzathu a mumsewu womwewo, ndipo zawo zikuyenda tsiku lililonse.

Malangizo amakafunsa kwa makaniko, munthu amene amadya galimotoyo ikawonongeka. Mnzawo wina amene anawauza kuti agulitse, anasiya kumuimbira foni. Malire nawo amangosuntha. Ankati ikapanda kupindula pofika Khirisimasi tigulitsa, Khirisimasi itafika anati tidikire nthawi yokolola anthu akhale ndi ndalama. Ndikawakumbutsa amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndikuganiza kuti chenicheni ndi manyazi. Tsiku limene inabwera, abale anadzaza pakhomo, abusa anaipempherera, ndipo kumudzi amawatchula kuti abwana a minibasi. Kuigulitsa, kwa iwo, n'kuvomera pamaso pa anthu onsewo kuti penshoni ya moyo wonse yapita.

Nawonso amandibwezera. Akuti ineyo sindinaifune minibasiyi chiyambire, ndinkafuna puloti, ndiye m'kope mwanga ndimaona zoipa zokhazokha. Za pulotizo sakunama. N'zothekanso kuti injini ina ingaiyendetse bwino, ngongole n'kutha. N'chifukwa chake ndinati tiitane makaniko wina, wosaidziwa ndiponso amene sadzapatsidwa ntchitoyo, aiyeze yonse, n'kutiuza zimene zatsala pang'ono kufa. Ndinatinso ngati tigule injiniyo, tilembe papepala pamaso pa mboni kuti ikalephera kuyenda masiku 20 pamwezi kwa miyezi itatu, tigulitsa popanda kukambirananso. Anayankha kuti ndikuwaweruza ngati mwana.

Wogula uja wati adikira mpaka mwezi uno uthe, ndipo bambo ayamba kale kufunsira ndalama ya katapila. Kodi ndiwayankhule bwanji kuti kugulitsa kusaoneke ngati kugonja? Nkhani ya bizinesi ngati iyi ndingapite nayo kwa ankhoswe, kapena ndiwachititsa manyazi koposa? Nanga ndikasiya kutulutsa K130,000 ija m'kagolosale, ndilakwira banja?

Ine mayi wothedwa nzeru,
Bangwe, Blantyre