Matambula akutuluka otuwa m'makina otsukira mbale

Aphungu,

Ndili ndi kanyumba kogona alendo ku Katoto kuno ku Mzuzu, ndipo kukhitchini timagwiritsa ntchito makina otsukira mbale omwe ndinagula kwa munthu wina amene ankasamuka. Poyamba ankatsuka bwino, koma masiku ano matambula akutuluka otuwa ngati awazidwa ufa woyera, ndipo makapu a m'thireyi ya pamwamba akumakhala ndi timchenga pansi pake. Mlendo akaona tambula yotero saganiza za makina, amangoti pano ndi pauve.

Ine ndikukayikira madzi. Tili ndi madzi a mitundu iwiri: a pampopi ochokera ku damu la Lunyangwa, ndi a pachitsime chomwe tinakumbitsa kuseri kwa nyumba. Onsewa amalowa m'thanki imodzi, ndipo m'chilimwe a pachitsime ndi amene amachuluka. A pampopi sopo amachita nawo thovu msanga. A pachitsime thovu limavuta, ndipo mu ketulo amasiya zoyera zolimba pansi, kusonyeza kuti ali ndi laimu wambiri.

Ndinaviika matambula otuwawo mu viniga woyera kwa kanthawi kenaka n'kupukuta. Ambiri anawala ndithu, ndiye kwa amenewo ndikukhulupirira kuti ndi laimu, poti viniga amamusungunula. Koma matambula opyapyala a vinyo sanasinthe ngakhale pang'ono. Ukawayang'ana padzuwa amaonetsa timitundu ta utawaleza, ndipo kutuwa kwake sikuchoka ngakhale ukande ndi chikhadabo. Mnzanga amene anagwirapo ntchito kuhotela akuti amenewo galasi lake ladyeka, ndipo zimachitika madzi akakhala ofewa kwambiri, sopo n'kuchuluka, kutentha n'kukwera. Akuti sangabwererenso. Kodi n'zoona kuti makina amodzi angaononge matambula m'njira ziwiri zosemphana chonchi?

Funso langa lalikulu lagona apa. Makinawa ali ndi chibowo chothiramo mchere pansi, ndipo mcherewo umathandiza kachipangizo kochotsa laimu m'madzi. Bukhu lake likuti munthu asankhe nambala malinga ndi madzi ake, kuyambira H:00 ya madzi ofewa osafuna mchere mpaka H:07 ya madzi a laimu wochuluka. Anga ali pa H:04. Nanga ine amene madzi anga amasintha ndi nyengo ndiike pati? Ndizisintha nambalayi dzinja ndi chilimwe, kapena ndilumikize makinawa ku mpopi wokha? Timapepala toyezera laimu m'madzi sindinatipeze m'masitolo amene ndinafunsamo m'tauni muno. Mchere wake weniweni nawonso umasowa, ndipo wothandiza kukhitchini akuti tizingothira wa ndiwo. Ndamuletsa, chifukwa bukhu likuti wa ndiwo uli ndi zosakaniza zina zomwe zingaononge kachipangizoko.

Za mankhwala otsukuluzira, aja amathiridwa m'kabowo ka pachitseko kuti madzi azitsetsereka pagalasi osasiya madontho, tinaleka kugula titayamba sopo wa mibulu yemwe paketi yake imati ali ndi zonse. Kodi ndi madzi a pachitsime mbuluwo paokha ungakwanire? Ena akuti ndithiremo viniga, ena akuti viniga amadya labala wa m'makina.

Nkhani ya timchenga ndi ina, chifukwa sefa ya pansi timaitsuka ndi burashi sabata iliyonse. Ndinamasula timikono tozungulira topopera madzi tija, ndipo ka pamwamba ndinakapeza ndi mabowo otsekeka kunsongako. Munali mchenga ndi njere za tomato. Ndinatokosa ndi kamtengo kotokosera m'mano n'kutsukuluza pampopi, ndipo makapu anayera kwa masiku angapo, kenaka timchenga tinabwerera. Ndikufuna kudziwa ngati mchengawu ukubwera ndi madzi a m'thanki, moti ndiike sefa ina papaipi yolowetsa madzi, kapena ukuchokera m'zotsalira za m'mbale.

Pakaikidwe ka ziwiya timakangana tsiku ndi tsiku. Wothandizayo amapanikiza mbale kuti zonse zilowe kamodzi, poti magetsi ndi odula. Nthawi ina mbale yaikulu yopakulira inatsekereza kamkono ka pamwamba, ndipo tsiku lina mthiko unatsetserekera pansi n'kuimitsa ka pansi, moti tsopano ndimatizunguza ndi dzanja ndisanatseke chitseko. Koma mbale za nsima zikauma zimatulukabe ndi zomata tikatsuka pa Eco 50°. Ndiziviike kaye, kapena ndikweze kutentha kufika pa 70°, pomwe matambula anga a vinyo akudyeka kale? Ngati yankho ndi kutsuka mbale ndi matambula padera, mundiuzenso kuti sopo wa matambula okha ndichepetse motani, popeza mbulu umabwera wathunthu.

Ndine wanu,
Mayi wa ku Katoto, Mzuzu