Dandaulo kwa kampani yomwe tinaipatsa ntchito yotsatsa makatuni athu pa YouTube

Kwa akuluakulu a kampani,

Ndalemba pano poyera chifukwa mauthenga anga atatu a pa WhatsApp simunawayankhe, ndipo nditabwera ku ofesi kwanu m'tauni muno mwa Harare anandiuza kuti amene amagwira ntchito yathu wachokapo. Ndife anthu atatu a ku Mufakose, ana a makolo ochokera ku Malawi, ndipo timapanga makatuni a nthano za Chichewa kuti ana obadwira kuno azimva chilankhulo cha agogo awo. Tinakulipirani madola 180 kuti mutikonzere zithunzi zapachikuto, mitu ya magawo 10 ndi ndondomeko ya masiku otulutsira.

Ndiyambe ndi ndondomekoyo, chifukwa ndi imene yatipweteka kwambiri. Tinakuuzani kuti tili ndi magawo 4 omaliza ndiponso kuti gawo limodzi la mphindi 6 limatitengera masabata atatu, kuyambira kujambula mawu, kuyendetsa zithunzi mpaka kulumikiza zonse, ndipo magetsi akamazimazima ntchito imachedwa kuposa pamenepo. Inu munalengeza kwa owonera kuti gawo latsopano lizituluka Loweruka lililonse. Mukanawerengetsera pa pepala mukanaona kuti magawo anayiwo atha m'mwezi woyamba, lachisanu lipezeka pa nthawi yake, koma lachisanu ndi chimodzi likhala lisanathe pofika tsiku lake. Zinachitikadi choncho, ndipo Loweruka limenelo makolo ankatiimbira foni kufunsa ngati tasiya. Mukanaika gawo limodzi pa masabata awiri alionse, gawo la 10 likanatuluka sabata ya 19, ife titalimaliza kumapeto kwa sabata ya 18, ndipo sipakanakhala Loweruka lolonjezedwa lopanda kanthu.

Munatiuza kuti tisade nkhawa ndi kudumpha tsiku popeza belu la tchanelo lidzadziwitsa anthu gawo likatuluka. Koma makatuni athu ndi a ana, ndipo pokweza timasankha "Yes, it's made for kids" monga malamulo a YouTube amafunira. Vidiyo yoikidwa chizindikiro chimenechi situmiza uthenga wa belu ndipo ilibe malo a ndemanga, choncho chimene chimabweretsa mwana ndi mayi ake pa tchanelo ndi tsiku lomwe analizolowera basi. Munthu wogwira ntchito imeneyi anayenera kudziwa zimenezi asanalandire ndalama.

Mitu nayo inalembedwa ngati owonera athu ali pa kompyuta, chikhalirecho pafupifupi onse amaonera pa foni, kaya ali ku Epworth, ku Lilongwe kapena ku Joni. YouTube imalola zilembo 100 pa mutu, ndipo inu munayesetsa kudzaza zonse. Gawo lachitatu munalitcha "Nthano za Pabwalo, Makatuni a Chichewa a Ana ndi Banja Lonse | Gawo 3 | Kalulu ndi Chitsime". Pa mndandanda wa pa foni mutu wautali chotere umadulidwa, moti magawo onse amaoneka ndi mawu oyamba ofanana, ndipo nambala ya gawo ndi dzina la nthano zimabisika. Tinapempha kuti ziyambe ndi zimene zimasintha, monga "Kalulu ndi Chitsime | Gawo 3 | Nthano za Pabwalo", koma palibe chinasinthidwa.

Zithunzi zapachikuto munazipanga pa muyezo woyenera wa mapikiselo 1280 kwa 720, ndipo mitundu yake ndi yokongola, pamenepo sindikutsutsa. Cholakwika n'chakuti munagwiritsa ntchito chithunzi chimodzi cha agogo atakhala pamoto pa magawo onse, n'kuika nambala ya gawo pakona ya pansi kudzanja lamanja, pomwe YouTube imalembapo kutalika kwa vidiyo. Nambalayo imaphimbika. Mwana wa mlongo wanga, yemwe sanayambe kuwerenga, anakana kuonera gawo lachinayi ponena kuti analiona kale, ndipo sindingamunene chifukwa chithunzi chinali chomwecho. Mu YouTube Studio, pa "Impressions click-through rate", pomwe pamaonetsa kuti mwa anthu oona chithunzi chapachikuto ndi angati amatsegula vidiyo, gawo loyamba linali pa 6 peresenti koma lachinayi linatsika kufika pa 2, pomwe amene analitsegula analionera nthawi yaitali mofanana ndi loyamba, zomwe zikusonyeza kuti vuto lili pa chikuto osati pa nthanoyo.

Tikupempha kuti pasanathe masiku 7 mutitumizire zithunzi zosiyana pa gawo lililonse, chilichonse chokhala ndi nkhope yaikulu ya nyama ya m'nthanoyo ndi nambala pamwamba kumanzere, pamodzi ndi mafayilo ake oti tingathe kusintha tokha. Ngati simungathe, mutibwezere madola 108 a magawo asanu ndi limodzi omwe simunawagwire, ndiponso muchotse dzina lanu pa anthu oloredwa kulowa mu tchanelo chathu.