Mwambo Wotsanzikana ndi Abusa Athu

Akhristu nonse a mpingo,

Abusa athu akupuma pa ntchito kumapeto kwa mwezi uno. Tidzatsanzikana nawo Lamulungu lomaliza la mweziwu kutchalitchi konkuno, mapemphero akangotha.

Tsikulo tidzawawerengera kalata yotsanzikana, yomwe alembi a mpingo akulemba m'malo mwa tonse. Mudzi uliwonse, amayi a Chigwirizano, achinyamata ndi makwaya, tumizani mawu anu kwa alembi pofika Lamulungu likubwerali. Mawu ongoti anali abusa abwino sakukwanira. Tchulani zomwe mudaona: maliro omwe adafika matope ali m'mawondo, odwala omwe ankawayendera kuchipatala usiku, mabanja omwe adawayanjanitsa atatsala pang'ono kutha. Sitikufuna achoke asanamve zimenezi pakamwa pathu.

Mphatso tagwirizana malata, poti akutuluka m'nyumba ya mpingo pomwe yawo kumudzi sinafoleredwe. Banja lililonse lipereke K5,000 kwa msungichuma ndipo mulandire lisiti. Chigwirizano chikonze chitenje cha amayi busa. Aliyense abwere ndi mbale ndi kapu yake.

Akulu a mpingo, ndiyankheni pofika Lachitatu kuti mudzi wanu mubwera anthu angati, ophika adziwe muyeso wa ufa.

Mkulu wokonza mwambo