Tiyambe tagwirizana kuti "ambiri" ndi angati

A Mkonzi,

Ndikupempha atolankhani anu, ndi onse oyendetsa mitsutso ya ndale pa wailesi, kuti mtsutso usanafike patali azifunsa mlendo aliyense kuti mawu amene akutsamirapo akutanthauza chiyani. Mawu amene atisokoneza kwambiri kuno ndi akuti "ambiri".

Tamvani momwe ena amalankhulira: "Demokalase ndi ulamuliro wa anthu ambiri. Uje ndiye anapeza mavoti ambiri. Choncho uje ndiye amene anthu ambiri anamufuna." Zikumveka bwino, koma wolankhulayo wasintha tanthauzo pakatikati. M'chiganizo choyamba "ambiri" ndi oposa theka la anthu onse. M'chachiwiri ndi mavoti oposa a mnzake aliyense payekha. M'chachitatu wabwerera mwakachetechete ku tanthauzo loyamba, lomwe sanapereke umboni wake.

Zotsatira zomwe zinalengezedwa pa chisankho cha 2019 zikuonetsa mpata umene uli pakati pa matanthauzo awiriwa. A Peter Mutharika anapeza pafupifupi mavoti 39 pa 100 alionse, a Lazarus Chakwera 35, a Saulos Chilima 20. Pa tanthauzo lachiwiri, a Mutharika analidi ndi mavoti ambiri. Pa tanthauzo loyamba, anthu 61 pa 100 alionse anavotera ena. Zonse ziwiri nzoona. Bodza limalowa munthu akatsimikizira chimodzi kenako nkumalankhula ngati watsimikiziranso chinacho. Si nkhani ya chipani chimodzi ayi: a Bakili Muluzi mu 1994 ndi a Bingu wa Mutharika mu 2004 nawonso anapambana osafika theka.

Gwero la chisokonezochi linali Ndime 80(2) ya Malamulo Oyendetsera Dziko, yomwe inati mtsogoleri wa dziko azisankhidwa ndi ambiri mwa osankha, koma osafotokoza kuti ambiriwo ndi angati, kapena kuti osankhawo ndi ati. Chitatha chisankho cha 1999, a Gwanda Chakuamba anakamang'ala kukhoti ndi tanthauzo lachitatu: oposa theka la onse olembetsa m'kaundula, kuphatikizapo amene sanapite kukavota. Khoti Lalikulu la Apilo linakana mu 2000, ndipo linati wopambana ndi amene waposa anzake pa mavoti oponyedwa. Pa 3 February 2020, oweruza asanu amene anafafaniza chisankho cha 2019 chifukwa cha zolakwika pa kayendetsedwe kake ananenanso kuti ambiri ndi oposa theka la mavoti, ndipo Khoti la Apilo linavomereza zimenezi mu May chaka chomwecho. Zaka makumi awiri zonsezo tinkakangana pa mawu amene chiganizo chimodzi chikadawamasulira pachiyambi.

Njira yogwirira munthu wozembera tanthauzo siyovuta. Mufunseni tanthauzo lake, kenako paliponse pamene wanena mawuwo muikepo tanthauzolo, nkumvetseranso. Tiyese pa mfundo ija: "Demokalase ndi ulamuliro wa oposa theka. Uje anapeza mavoti oposa theka." Ngati anapeza 39 pa 100, chiganizo chachiwirichi chagwa. Tiyese tanthauzo linalo: "Demokalase ndi ulamuliro wa amene waposa mnzake aliyense." Tsopano chachiwiri chaima, koma choyambachi sichinthu chimene aliyense angangovomera monga anachitira poyamba, chikufuna mtsutso wakewake. Mfundo yomwe imaima pokhapokha mawu akamasinthasintha ndiye kuti sinaime nkomwe.

Musaganize kuti nkhaniyi inatha ndi makhoti. Lero tsiku limodzi lomwelo timavota ndi matanthauzo awiri: mtsogoleri wa dziko amafunika kuposa theka, pomwe phungu amangofunika kuposa anzake. Ndiye phungu akamati "anthu ambiri a dera langa anandituma", mtolankhani ali ndi ufulu womufunsa kuti anali angati pa 100. Ngakhale 50+1 yomwe tinaizolowera ija ena amaitcha 51 peresenti. Tiyerekeze kuti mavoti ovomerezeka ndi 6,000,000. Theka ndi 3,000,000, ndiye wopambana akufunika 3,000,001. Koma 51 peresenti ndi 3,060,000. Kusiyana kwake ndi mavoti pafupifupi 60,000, okwanira kuyambitsa mkangano usiku wolengeza zotsatira.

Ndikudziwa ena ati kufotokoza matanthauzo kumadya nthawi ya pulogalamu, ndiponso kuti munthu wochenjera angathe kusankha tanthauzo lomukomera. Chachiwirichi nzoona. Koma akalitchula poyera, mnzake ali ndi mwayi wolikana pomwepo, ndipo omvera amadziwa kuti akusiyana pati kwenikweni. Sindikupempha kuti mawu alionse azimasuliridwa, koma amodzi kapena awiri amene mfundo yonse yatsamirapo. Mlendo akatchula tanthauzo lake, woyendetsa pulogalamu alilembe papepala, ndipo likasintha pakati pa zokambirana amuimitse nkumuwerengera zomwe ananena poyamba.

Ine wowerenga wanu,
Ku Zomba