Kalata kwa mnzanga za mawu a kanema wa masekondi 60

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumene muliko. Ndalandira mawu amene mwakonza kuti mukanene mu kanema wodzifotokoza, amene a bungwe lopereka thandizo la maphunziro akufuna kuti atsagane ndi fomu yanu, ndipo popeza munandipempha kuti ndisakubisireni kanthu, ndilemba mosapsatira.

Vuto loyamba ndi kutalika. Ndawerenga mawu anu amodziamodzi ndipo akupitirira 200, pamene malire amene mwapatsidwa ndi masekondi 60. Munthu wolankhula Chingerezi modekha amatchula mawu pafupifupi 130 mpaka 150 pa mphindi imodzi, ndipo mukachotsapo nthawi yopuma mpweya komanso kamphindi koyambira ndi komalizira, mutsala ndi malo a mawu 120 kapena kupitirira pang'ono. Mukaumirira kunena onse amene mwalembawa, mudzathamanga, mudzameza mathero a mawu, ndipo woonera adzangokumbukira kuti panali munthu wina wolankhula mwaliwiro. Konzani kuti muzimaliza pa masekondi 55, chifukwa malo ena otumizira mafomu amakana kanema wopitirira malire, ndipo ngakhale kumene sakana, woyesa ali ndi ufulu wosiya kuonera nthawi ikakwana. Zikatero chimene chimatayika ndi chiganizo chanu chomaliza, chomwe mwaikamo cholinga chanu.

Tsono tichotse chiyani? Ziganizo zitatu zoyambirira ndi moni ndi kuthokoza komiti chifukwa cha mwayi, ndipo zikudya masekondi osachepera 12. Ulemu ndi wabwino, koma mawu amodzi othokoza kumapeto ndi okwanira. Kenaka mwatchula magiredi anu ndi maphunziro onse amene munakhoza bwino. Zimenezi ali nazo kale pa mapepala amene mwatumiza, ndipo sanapemphe kanema kuti muwawerengere satifiketi. Anapempha kanema kuti aone chimene pepala silingaonetse, ndicho mmene mumaganizira ndi mmene mumalankhulira za ntchito yanu pamene mulibe pobisala.

Pamene ndikufuna kukhalitsapo ndi pa chiganizo chimene mwanena kuti ndinu wolimbikira ntchito, wokonda ana ndiponso wodzipereka pa maphunziro. Sindikutsutsa, pakuti ndimakudziwani. Koma taganizirani munthu amene wakhala pa mpando kuyambira m'mawa akuonera makanema otsatizana, ndipo pafupifupi aliyense wamuuza kuti ndi wolimbikira. Mawu otere palibe angawatsimikize ndipo palibe angawatsutse, n'chifukwa chake sakhala m'mutu. Yesani chiganizo chilichonse ndi funso ili: kodi wopempha wina aliyense angachinene osasintha kanthu? Ngati angathe, chiganizocho sichikunena za inu ndipo chichoke. Khalidwe la munthu limaoneka pa chinthu chimodzi chimene anachita, osati pa mayina abwino amene wadzipatsa.

Chinthu chimodzicho muli nacho kale, kungoti simunachilembe. Munandiuza m'kalata yanu yapita kuti munadabwa kuona ana amene amakhoza masamu a manambala okhaokha akulephera masamu omwewo akalembedwa m'ziganizo, ndipo munayamba kuwawerengera mafunso mokweza ndi kuwapempha kuti awafotokoze m'mawu awoawo asanagwire cholembera. Nkhani imeneyi ikuonetsa kuti mumayang'anitsitsa, kuti mumayesa njira yatsopano popanda wokutumani, ndiponso kuti mumalabadira mwana amene watsalira. Zonse zitatu zikumveka popanda inu kudzitama ngakhale kamodzi, ndipo palibe wopempha wina amene angabwere ndi nkhani yomweyi.

Koma pali msampha. M'mawu anu mwalemba kuti munakweza chiwerengero cha okhoza mayeso pa sukulu yanu. Kodi mungachitetezedi chiganizo chimenechi atakufunsani? Anawo anaphunzitsidwanso ndi aphunzitsi ena, mayeso a chaka china sakhala ofanana ndi a chaka chinzake, ndipo inu nokha munandiuza kuti ana ena sanasinthe konse. Mabungwe ambiri amaitana amene adutsa gawo loyamba kuti akawafunse mafunso, ndipo ofunsawo amakonda kuyambira pa zimene munthu ananena yekha. Akadzati, "Chinakwera kuchoka pa angati kufika pa angati, ndipo mukudziwa bwanji kuti ndi chifukwa cha inu?" mudzasowa chonena, ndipo kukayikira kwawo kudzagwera ngakhale pa zoona zimene munanena. Nenani zimene munachita ndi zimene munaona ndi maso anu, ndipo ngati mutchula nambala, ikhale yomwe ili pa fomu ndi yomwe amene akukuchitirani umboni angaivomereze. Ine ndikanakhala inu ndikananena poyera kuti ena anasintha, ena ayi, ndipo simukudziwa chifukwa chake. Ena angaope kuti kumeneku n'kudzichepetsa kopitirira muyeso, koma ine ndikuona kuti ndi pomwe pagona mphamvu ya pempho lanu, chifukwa munthu amene akudziwa kale zonse safunikira sukulu. Funso limene lakukanikani ndilo chifukwa chenicheni chopitira kukaphunzira.

Za cholinga, mwalemba kuti mukufuna kusintha maphunziro a dziko lonse. Mwina mumafunadi zimenezo mumtima, koma woonera sangaone njira yochokera pa mphunzitsi mmodzi kukafika pamenepo, ndipo amadziwa kuti anthu amanena zotere poganiza kuti ndi zimene komiti ikufuna kumva. Cholinga chomveka chimakhala ndi zinthu ziwiri: chimene mukufuna kukaphunzira, chotchulidwa ndi dzina lake, ndi chimene mudzachite m'zaka zoyambirira mukamaliza. Chikhale chaching'ono moti munthu angathe kudzabwera n'kuona ngati chachitika. Ndikuchenjezeninso kuti musalonjeze chimene simunatsimikize. Ngati malamulo a thandizoli akufuna kuti mudzabwerere kwanu mukamaliza, werengani bwino ndipo mugwirizane nawo mumtima musananene pa kanema, osati kungonena chifukwa mawuwo akumveka bwino.

Nawa mawu amene ndikuganiza kuti angakukwanireni. Ndawalemba m'Chichewa kuti muone mafupa ake, inu muwaike m'chilankhulo chimene apempha, m'kalankhulidwe kanu:

"Dzina langa ndine Yamikani, ndimaphunzitsa masamu ku sekondale. Chaka chatha ndinaona kuti ana amene amakhoza masamu a manambala okhaokha ankalephera masamu omwewo akalembedwa m'ziganizo. Ndinayamba kuwawerengera mafunso mokweza ndi kuwapempha kuti awanene m'mawu awoawo asanayambe kuwerengetsa. Ena anasintha, ena ayi, ndipo sindikudziwa chifukwa chake. Ndikufuna digiri yachiwiri ya kaphunzitsidwe ka masamu kuti ndiphunzire kufufuza funso limeneli mwadongosolo. Ndikamaliza ndidzabwerera m'kalasi, ndipo ndikufuna kulemba kabuku kothandiza aphunzitsi anzanga pa vuto lomweli. Zikomo pondimvetsera."

Muona kuti dzina ndi ntchito zatenga masekondi asanu okha, nkhani ya m'kalasi yatenga pafupifupi theka la nthawi yonse, ndipo otsalawo apita ku maphunziro ndi cholinga. Ndagawa dala mosalingana chotere, chifukwa nkhani ija ndi imene ikunyamula zina zonse. Mukafika pa mawu akuti simukudziwa chifukwa chake, imani sekondi imodzi musanapitirire, kuti woonera amve kuti chotsatira chikuyankha chimenechi. Ngati bungwelo lapereka funso lakelake loti muyankhe mu kanema, funsolo ndilo litsogole, ndipo nkhani yathuyi ilowe monga umboni wa yankho lanu. Musadalire kuwerenga mawu pa pepala kuti mudziwe kutalika kwake, pakuti mawu ena ndi aatali ndipo ena ndi aafupi. Nenani mokweza, wotchi ili patsogolo panu.

Mawu olembedwa kuti awerengedwe ndi maso amasiyana ndi olembedwa kuti amvedwe ndi khutu. Chiganizo chimene simungachimalize ndi mpweya umodzi muchidule pakati. Mawu aakulu amene simuwagwiritsa ntchito pocheza ndi aphunzitsi anzanu muwachotse, chifukwa lilime limapunthwa pa mawu obwereka ndipo nkhope imaulula. Pa chifukwa chomwechi, musatenge ziganizo zanga monga zilili. Zikakhala zanga, zidzamveka kuti ndi zanga.

Pa kajambulidwe, cholakwika chofala ndi kumata pepala pambali pa foni n'kumawerenga. Woonera amazindikira msanga, popeza maso amayenda kuchoka kumanzere kupita kumanja ndipo mawu amatuluka pa mlingo umodzi, osakwera osatsika. Kuloweza liwu ndi liwu nakonso kuli ndi vuto lake: mukaiwala liwu limodzi, maso amapita kudenga kukalifuna. Njira imene ndikuikhulupirira ndi kuloweza chiganizo choyamba ndi chomaliza zokha, kenaka kusunga m'mutu mfundo zapakati motsatana, n'kumazinena ngati mukufotokozera munthu amene mumamulemekeza. Mawu adzasinthasintha pang'ono nthawi iliyonse imene mujambula, ndipo palibe choipa pamenepo malinga nthawi isapitirire. Ngakhale mutapunthwa pang'ono n'kupitiriza, kanema wotero amaposa wosalala amene akumveka ngati wolengeza pa wailesi.

Zotsalazi n'zosavuta. Foni ikhale yokhazikika pa chinthu cholimba, kamera ilingane ndi maso anu, ndipo muziyang'ana m'kadiso ka kamerako osati nkhope yanu pa sikirini. Zenera likhale patsogolo panu, chifukwa likakhala kumbuyo nkhope imada. Musakhale kutali ndi foni, ndipo sankhani nthawi yopanda phokoso, pakuti chithunzi chosaoneka bwino anthu amachipirira koma mawu osamveka sawapirira. Nyimbo ndi zokongoletsa zina muzisiye pokhapokha atazipempha. Werenganinso malangizo awo pa kukula kwa fayilo, mtundu wake, komanso ngati akufuna foni yogonekedwa kapena yoimika, ndipo musadikire tsiku lomaliza kuti mutumize, popeza kanema amachedwa kukwera intaneti ikafooka.

Mukajambula, muonetse munthu amene sadziwa za ntchito yanu, aonere kamodzi kokha, ndipo mumufunse kuti anene chimene mukufuna kukaphunzira ndi chifukwa chake. Akalephera, vuto lili m'mawu, osati mwa iye. Kenaka muonetse munthu amene amakudziwani bwino ndi kumufunsa ngati amene akulankhulayo ndinudi. Ineyo ndikudzipereka kukhala wachiwiriyo, choncho nditumizireni kanemayo pamodzi ndi funso lenileni limene bungwelo lalemba, kudakali masiku oti tikonze pofunika kukonza.

Ine mnzanu,
Kondwani